Nkhope ya Pakona pa Chithunzi

Tsiku limene ndinapereka tsamba la Fesibuku la sukulu yanga ya mkaka kwa Chala, ndinampatsanso mapepala awiri. Chala ndi mtsikana wathu wolandira alendo. Dzinalo anampatsa ndi amayi ophika, ati chala chake sichichoka pafoni.

Pasiwedi yanga sindinamuuze, ndinangomulowetsa patsambalo ndi akaunti yake. Pepala loyamba linali la kalankhulidwe: timati "makolo athu," osati "makasitomala", munthu akakalipa pandemanga sitikangana naye pagulu, timamuitanira kuofesi. Lachiwiri linali la ndondomeko: lemba, yang'ana nkhope iliyonse ya mwana pachithunzi ngati makolo ake anasayina chilolezo mukaundula, nditumizire, dikira "inde" wanga.

"Mayi, malamulo onsewa?" anatero Chala. "Ngati ndikukwatiwa kwanu!"

"Ukadakhala ukwati akadakubweza sabata yomweyo," anayankha ophika ali pakhomo.

Mwezi unatha bwinobwino. Lachisanu lina ana anadzala nyemba m'zitini, ndipo ndinawajambula ndekha. Mawa lake linali tsiku lolembetsa ana atsopano, choncho ndinkafuna anthu aone msanga. Ndinamutumizira Chala chithunzicho ndi mawu akuti, "Ika pompano, ndavomereza."

Ola linatha, patsamba pali zii. Mtima unayamba kundiuza kuti mwanayu wayamba matama, koma ndinati ndiyambe ndamumva.

Ndinamupeza atatsegula kaundula, chala chili pamzere umodzi. Anakulitsa chithunzi pafoni. Pakona, pafupi ndi zenera, panali kamnyamata ka juzi yofiira, nkhope yonse ikuoneka, ndipo pamwamba pake dzina la sukulu lolembedwa pakhoma.

"Amayi ake analemba AYI, ndi zilembo zazikulu," anatero chapansipansi. "Chifukwa chake sindikuchidziwa. Inu mwati inde, pepala likuti ayi. Ndimaopa kubwera, ndimati mundikalipira."

Chifukwacho ine ndinkachidziwa. Mayiyo polembetsa mwana anatseka yekha chitseko cha ofesi, n'kundionetsa chipsera kuseri kwa khutu. Anandipempha kuti bambo a mwanayo asadziwe kumene anasamukira. Ine yemwe ndinamulonjeza ndi amene ndinajambula, maso anga ali pa nyemba.

Ndinakhala pampando wa ana, mawondo kufika pachifuwa.

"Dula mbali imeneyo, unditumizirenso," ndinatero.

Anadula, anayang'ana nkhope zotsala imodziimodzi ndi kaundula, n'kutumiza. Ndinayang'ana makona onse anayi ndisanalembe "inde."

Kenaka ndinamupempha pepala lachiwiri lija. Pansi pake ndinaonjezera ndi cholembera: "Chithunzi chochokera kwa mwini sukulu chidutsenso mukaundula. Ukakayika usaike, ubwere udzandiuze, sudzakalipiridwa." Ndinasayina.

Poweruka mayi uja anabwera kudzatenga mwana wake. Kamnyamatako kanamuonetsa chitini chake, dothi likutayikira pa juzi. Mayiyo anatiweyulira dzanja ali pageti, n'kumapita.