Zithunzi za Tionge Zopanda Nkhope

Mu foni mwanga munali zithunzi za Tionge zoposa mazana anayi, koma chooneka nkhope panalibe ngakhale chimodzi.

Ndimagulitsa madiresi a kaunjika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Belo likatsegulidwa pamsika wa Mzimba ndimalawirira kukasankha abwino, kenako kuchapa, kusita, kujambula. Diresi likakhala pa hang'ala limaoneka ngati chiguduli, ndiye mng'ono wanga Tionge ndi amene ankawavala. Ankaima pakhoma la kuseri m'mamawa dzuwa lisanawale kwambiri, ine n'kujambula kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali.

Lamulo lojambula kuyambira m'khosi kutsika ndinaika ndine. Sabata yoyamba ndinaika nkhope yake, amuna anadzaza inibokosi kufunsa mtengo wa wovalayo. Zithunzizo ndinazifufuta zonse, ndipo chichokereni pamenepo, mutu ayi. Akadzijambula yekha ndinkafufuta tsiku lomwelo, chifukwa foni yanga siichedwa kudzaza.

"Foni ino ndi ya bizinesi," ndinkamuuza. "Ukagule yako."

"Ndi malipiro ati, abwana?" ankatero akuseka.

Tionge anamwalira mu Meyi, atangodwala masiku asanu. Pamaliro tinagwiritsa ntchito chithunzi cha pa chitupa cha unzika, chimene akuoneka ngati wagwidwa akuba nkhuku. Anthu analira. Ine ndinkatunga madzi, kulandira alendo, kuyankha "yewo" kwa aliyense wopepesa. Misozi sinabwere, ndipo sindinaifunefune. Patatha masabata awiri ndinayambiranso kuika katundu, pa hang'ala.

Tsiku lina amayi anandipeza ndikusita.

"Loyce, undipezere chithunzi cha mwana wanga, ndipachike pabalaza. Cha pachitupa chija ayi, si iye uja. Iwe umamujambula tsiku lililonse."

"Ndiona, amama."

Sindinawauze. Ndinafunsa anzake a kukwaya, ananditumizira cha gulu, Tionge ali mzere wakumbuyo, nkhope ngati njere ya nyemba. Kenako ndinakumbukira diresi lachikasu. Chaka chatha mayi wina wa ku Embangweni, Mayi Rhoda Jere, mphunzitsi, anafuna kuona pamene diresilo limalekezera. Ndinali pachangu, ndinajambula Tionge yense n'kutumiza osadula. Kwanga ndinafufuta pamodzi ndi macheza onse katundu atangofika. Ndinawalembera kufunsa ngati akadali nacho. Anayankha kuti macheza athu alipo, koma zithunzi zakale zikuvuta kutseguka, mwina ndi netiweki. Pomwepo anaodanso diresi la buluu limene ndinaika dzulo lake.

Ndinali nditalemba monga mwa nthawi zonse: saizi 14, lofika pansi pa maondo, nsalu yosatambasuka, batani limodzi ndasintha. Kachilema ndimanena, chifukwa kasitomala akakaona yekha kunyumba sabweranso. Anatumiza ndalama pa foni, uthenga unafika, ndinalemba pansi pa chithunzi kuti lagulidwa. Ndinalipinda, kuliika mu jumbo, kumata ndi selotepi, kulemba dzina ndi nambala yawo.

Masiku onse phukusi lotere ndimapatsa kondakitala, n'kutumizira kasitomala nambala yake ya foni ndi ya galimoto kuti akadikire pasiteji. Nditafika nalo pokwerera minibasi, Cosmas, kondakitala amene amanditengera katundu wa njira ya ku Embangweni, anatambasula dzanja.

"Lero ndikwera ndekha," ndinatero.

"Diresi limodzi, asisi? Mbwenu phindu lonse lathera thiransipoti."

"Ndikudziwa."

Ndinakhala pawindo phukusi lili pamiyendo. Fumbi linkalowa, anthu ankakangana za mtengo wa fodya. Foni inkalira: zingati, lilipo lakuda, mungandisungire mpaka mwezi uthe? Ndinayankha onse. Sindisungira munthu katundu asanalipire, ndipo ndinawauza choncho.

Mayi Jere ndinawapeza kunyumba kwawo, pafupi ndi sukulu. Anandipepesa, anandipatsa mpando pakhonde, phukusi analiika pambali osatsegula.

"Ine mng'ono wanuyo sindinamuonepo maso ndi maso," anatero. "Koma ndinkagula chifukwa cha iye. Ankaima bwino chomene."

Anandipatsa foni. Ndinakwera nawo macheza athu, kudutsa mitengo, manambala a makondakitala, ma "lafika, yewo". Ndinachipeza pa Ogasiti. Chinali mbuu, chikasu pansi, chakuda pamwamba pamene panayenera kukhala nkhope. Ankaoneka kuti wapendeketsa mutu. Ndinadina. Foni inalemba m'Chingerezi kuti chithunzichi mulibenso, mupemphe amene anatumiza kuti atumizenso. Dzina la wotumizayo linali langa.

Ndinadinanso. Tinapita pamsewu pamene amati netiweki imagwira bwino, ndinadinanso. Mawu omwewo.

"Mwana wanga anachotsa zithunzi zonse pa Khirisimasi, foni inadzaza," anatero Mayi Jere. "Pepani chomene. Ndikanadziwa."

"Palibe kanthu. Yesani diresi, ngati silikukwana ndibwerere nalo."

Anatenga phukusi lija n'kulowa nalo m'nyumba. Linawakwana. Ndinawauza kuti asamaliyanike padzuwa lambiri, buluu ameneyu amasuluka. Sindinamve chilichonse, koma njala basi. Ndinagula chinangwa chootcha pasiteji n'kudya chonse.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amayi anali pamkeka akusankha nyemba. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse mosazungulira: kuti ndinkamudula mutu dala, kuti zimene ankadzijambula ndinkafufuta ndine, kuti ku Embangweni kulibe kanthu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwinanso ndinkafuna atatero.

"Bweretsa ndione zomwezo," anatero.

Ndinawatsegulira tsamba langa. Sadziwa kuyendetsa foni, ndiye ndinkawasunthira ndine. Diresi lofiira, lamaluwa, lamizere, pansi pa lililonse saizi ndi mtengo ndi mawu akuti lagulidwa. Amayi sankayang'ana madiresi.

"Apa anali atanenepa, inali nthawi ya mango. Apa wakwiya, ona mmene wagwirira m'chiuno. Munayambana?"

"Ndinamudzutsa m'mawa kwambiri."

"Imika pamenepo."

Linali diresi lobiriwira la saizi 10. Tionge anali ataika manja pamimba, dzanja lamanja pamwamba. Pamkono pankaoneka chipsera chimene anapsa ndi phala ali ndi zaka zitatu. Ine ndinkamuuza kuti azibisa dzanja limenelo, limaononga chithunzi. Tsiku limenelo anaiwala, kapena anachita dala.

Amayi anagwira pagalasi ndi chala, chithunzi chinasuntha, ndinachibweza.

"Ichi," anatero. "Ukanditsukitsire chachikulu. Nkhope ndikuidziwa ine."

M'mawa mwake ndinapita nacho kwa wojambula wa pafupi ndi msika. Anayang'ana pakompyuta, anayang'ana ine.

"Mutu wadulidwatu uwu, mayi. Mulibe china?"

"Tsukani chomwecho."

Ndili chidikirire, foni inalira. Wina anali atalemba pansi pa diresi latsopano: "Pa hang'ala sitikuona bwino. Mtsikana amavala uja alivale tione." Ndinayamba kulemba yankho monga ndimachitira, chala chinaima. Makina anatulutsa pepala pang'onopang'ono, kuyambira m'khosi, ndipo chipsera chija chitatuluka ndinapempha wojambulayo kuti andibwereke mpando.