Tepi ya Wamanzere

Pa mafulati athu ku Chelstone panali mapulambala awiri, koma chipinda cha kuseri chinali chimodzi. Eni malowo, a Elvis ndi akazi awo a Keziah, aliyense anabweretsa wake. A Elvis anatenga mng'ono wawo Nicodemus, a Keziah anatenga mlongo wawo Dingani. Mapulambala awiriwa ankagona mmenemo ngati atambala awiri m'khola limodzi, ndipo ife alendi tinatopa ndi phokoso lawo.

Mkangano wawo unali wa mazinga a paipi, mizere ija yomangira. Nicodemus anali munthu wa phala, lija amapaka pa mazinga asanamange, ndipo chitini chake ankachinyamula ngati mwana. Tepi yoyera yokulunga pa mazinga ankaitcha bandeji.

"Paipi siidwala, mulamu," ankatero. "Bandeji peleka ku kiliniki. Ine tepi siniigwila na kuigwila."

"Pesiti yanu ili bwino pa nsimbi zakudala," Dingani ankayankha. "Manje apa ni pulasitiki. Tepi yokhuthala, kanayi chabe, kutsatila kwamene imangila. Mazinga yoyamba musiya. Mwamanga na kwanja, sipanala pang'ono, kwasila."

Mawu amenewa tinawamva mpaka ana athu ankawaimba posewera fulaye.

Tsiku lina a Elvis anagula mathanki awiri atsopano a madzi a mjigo. Anaitana onse awiri pansi pa sitandi ya mathankiwo, nagamula mlandu ngati ali ku ofesi kwawo. Aliyense alumikize thanki yake. Amene thanki yake idonthe achoke, winayo atsale ndi chipinda ndi ntchito yonse ya pamalopo. A Keziah anavomera msanga, chifukwa mlongo wawo ankamudalira. Dingani analibe kwina kopita kupatula kwa mnzake wina ku Kabwata, wogona kale anthu asanu m'chipinda chimodzi.

Ntchito yake inali yofanana. Pansi pa thanki iliyonse panali soketi ya pulasitiki ya mazinga a m'kati, ndipo mmenemo munkalowa kapaipi kachitsulo kopita ku valavu. Dingani anagwira yake poyera, tonse tikuona. Anagwira kapaipi kumanzere, nakulunga tepi ndi dzanja lamanja kanayi, akuikoka kuti ilowe m'mizere. Anamanga ndi dzanja, nawonjezera pang'ono ndi sipanala, kenaka ananyamuka kupita ku City Market kukasaka chigongono cha paipi chimene chinaperewera. Bokosi lake la zida analisiya pansi pa sitandi.

Nicodemus anadikira mpaka dzuwa litatithamangitsira m'nyumba. Tinangomva sipanala ikulira, iye akubuula ngati akukankha minibasi yofera pa msewu. Titatuluka tinapeza phala loyera litapakidwa mozungulira polumikizira pake, iye akupukuta manja monyada.

Magetsi atabwera madzulo, pampu inadzaza mathanki onse. Kutacha, bwalo lonse linali dambo. Thanki ya Dingani inali youma pansi, koma ya Nicodemus inali itataya madzi onse, soketi yake itang'ambika kuchokera kukamwa mpaka kumapeto. Zovala za mayi wa nambala 3 zimene anaiwala m'beseni zinali m'matope, ndipo mayiyo sanasunge mawu.

A Elvis anatuluka atavala kale tayi. Analamula kuti amasule aone. Kapaipi katatuluka, tonse tinati kakasi. Pansi pa phala lija panali tepi, yochuluka ngati nsanza yomangira chilonda, ina itakwinyikira kumbuyo. Mazinga sankaoneka n'komwe.

Apa mpamene ndinadziwa kuti Nicodemus ndi njoka. Sanaphethire n'komwe.

"Mwaona, bakulu?" anakuwa, akuloza Dingani. "Tepi! Ndani agwila tepi pano? Uyu anabwela kumasula nchito yanga kuti nichoke. Bonse muziba ine tepi siniigwila."

Ndipo zoona, tonse tinkadziwa choncho. A Elvis anatembenukira mlamu wawo ndi maso ofiira. A Keziah anagwira pakamwa.

"Dingani, ni zoona?" anafunsa a Keziah.

Dingani anatola kapaipi kaja, napeza nsonga ya tepi, nayamba kuimasula pamaso pa a Elvis. Inkangotuluka osatha, mpaka inafika pansi ndi kuunjikana m'matope.

"Ba sisi, onani," anatero. "Iyi yapitilila twente. Mwaunjika so, mwaikapo na pesiti kuti itelele, elo mwakoka na sipanala, pulasitiki izachita bwanji? Ing'ambika. Manje onani kwamene yayendela. Yayenda chobwelela, ndiye chifukwa yakwinyika pomanga. Ine nigwila paipi ku lefuti, nizungulusa na raiti, iyenda bwino yeka. Uyu anagwila paipi ku raiti, anazungulusa na lefuti."

Maso athu tonse anapita pa dzanja la Nicodemus, limene linali likadaloza Dingani. Linali lamanzere. Analibweza msanga n'kulibisa m'thumba, koma ndani pamalopo sankadziwa dzanja limene amadyera, limene a Elvis eni ake ankasimba kuti ankalimenya ali ana kuti alisiye koma osatheka? Mayi wa nambala 3 anakankha chitini cha phala ndi phazi, chivundikiro n'kugwa. M'katimo munali mouma gwaa, kupatula pang'ono pakati pamene anakanda ndi chala. Munthu anaona kuti phala silikwana, koma kupempha kunamukulira, ndiye anakatenga tepi m'bokosi la mnzake. Poti sankaikhulupirira, anati kanayi n'kochepa.

Tinayembekeza chilungamo, ife opusa. A Elvis anayang'ana tepi ija nthawi yaitali, nakonza tayi yawo.

"Masoketi ya masiku yano ni ya feki," anatero. "Iyi inabwela yong'ambika kudala. So mpikisano kulibe."

"Bashi Anita!" a Keziah anakuwa, kuwatchula ndi dzina la mwana wawo. "Munakamba mweka pamenso pa bantu!"

"Nakamba kuti kulibe. Koma aba babili sibangankhale pamozi, mwaona mweka. Nicodemus ali na bana ku Makeni bofunika kudya. Dingani akali mwaiche, azapeza kwina."

Anakwera galimoto yawo n'kupita ku ntchito. Ine mtima unandiwawa ngati wochotsedwayo ndine, ndipo mpaka lero moni wa a Elvis ndimayankha ndi mphuno.

Dingani analongedza zovala zake m'chikwama chimodzi. Ali pa geti, a Keziah anamugwira mkono, misozi ili m'maso. Mzere wa mafulati a thanki yong'ambikayo unalibe madzi, ndipo iwo ankadziwa amene angaikonze osaiononganso.

"Nipapata, Dingani. Chitila ine, osati beve."

Dingani anatula chikwama. Anapita kukagula soketi ina, naiika, natsuka mazinga a kapaipi kaja ndi burashi. Anakulunga tepi kanayi, kutsata kumene imamangira. Nicodemus anali chiimire pambali, manja m'thumba. Pampu itadzaza thanki, Dingani anapititsa chala pansi pa soketi nachionetsa kwa mlongo wake chili chouma. Sanatsanzike wina aliyense.

Asanafike n'komwe pa geti, tinamva chitini chikulira. Dingani anacheuka, nafenso tinacheuka. Nicodemus anali atagwada pansi pa thanki, akukanda phala lotsala lija ndi chala cha kumanzere, n'kumalipaka bwinobwino kunja kwa polumikizira paja, kuti a Elvis akabwera madzulo aone ntchito ya mng'ono wawo.