Dzina la pa chiphaso

Ine nditakwatiwa ndinatenga dzina la amuna anga ngati mmene amachitira aliyense, popanda kupita ku ofesi iliyonse. Anthu anangoyamba kundiitana choncho, ine n'kumavomera. Zaka makumi awiri ndi chimodzi makasitomala, ana asukulu, ngakhale wogulitsa ulusi, onse ankandidziwa ndi dzina limenelo. La bambo anga linangotsala pa chiphaso, m'kathumba ka zipi ka m'chikwama.

Ndine telala. Ndili ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo, makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu ndi simbi yomwe imafuna kuinyengerera kuti itenthe. Pachitseko ndinalembetsa ndi penti kuti Msoko Wolimba. Makina amodziwo, akuda opalasa ndi phazi, anali a malemu bambo anga, amene anasoka m'makonde a masitolo a eni ake mpaka maso anawakana.

Nkhani inayamba ndi ahedi a sukulu ina yapafupi. Anaona yunifolomu ya mwana wa mchimwene wawo imene ndinasoka, n'kunena kuti akufuna ndizisokera sukulu yonse. Koma komiti yawo inkafuna satifiketi yosonyeza kuti dzina la bizinesi ndi lolembetsedwa, ndipo inkakumana Lachisanu la sabata yotsatira. Popanda pepalalo, ntchito inkapita kwa telala wina.

Lolemba m'mawa tinapita ku ofesi yolembetsa mayina a bizinesi, ine ndi bambo a ana anga. Iwo anati andiperekeze poti za m'maofesi amazidziwa. Kudziwa kwake n'kwakuti anagwirako ntchito yaulonda pageti la ofesi ina, koma mukawamva akufotokoza mungayese ankasaina ndi iwo.

Poyamba zinayenda bwino. Kalaliki, mayi wamagalasi wosaseka koma wosakalipa, anafufuza kaye mu kompyuta ngati panalibe wina amene analembetsa kale Msoko Wolimba. Panalibe. Anandipatsa fomu. Ndinakhala pabenchi, fomu pabondo, n'kulemba mosamala ntchito ya bizinesi, malo ake, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa. Pa dzina la mwini dzanja linangolemba lokha lomwe ndimalemba tsiku lililonse pa malisiti.

Kalalikiyo anaika fomu ndi chiphaso changa pamodzi, n'kuyendetsa chala uku ndi uku. Chala chinaima.

"Mayi, nambalayi ndi yanu, nkhope ndi yanu, tsiku lobadwa ndi lomweli. Koma dzina la banja mwalemba apali si limene lili pa chiphaso."

Ndinamuuza kuti ndi la amuna anga, ndipo eni akewo ndi awa aima kumbuyo kwangawa. Ndinati afunse aliyense mumsewu wathu, ngakhale mwana wongoyamba kuyankhula, amuuza kuti ndine yani.

Sanakangane nane. Anati iye akukhulupirira, koma mumsewu wathu sangapiteko, ndipo aku banki ndi a msonkho nawonso sadzapitako. Anafotokoza kuti bizinesi ya munthu mmodzi ngati yangayi si munthu payokha. Dzinalo ndi chikwangwani chabe, ndipo kaundula amafuna kudziwa munthu weniweni amene waima kuseri kwake, amene angasaine, amene angayankhe mlandu zinthu zikalakwika. Munthuyo amadziwika ndi chiphaso. Satifiketi ikatuluka ndi dzina lina, chiphaso chili ndi lina, ndiye kuti tsiku lomwe ndidzafune kutsegula akaunti ya bizinesi, kapena wina akadzati shopuyo ndi yake, ndidzakhala nditagwira pepala la mayi amene sindingathe kutsimikiza kuti ndine.

Njira anati zilipo ziwiri. Ndilembe fomu ina motsatira chiphaso, kapena ndipite kaye ku ofesi ya ziphaso ndi kalata ya ukwati, akasinthe dzina, ndidikire chiphaso chatsopano, ndiye ndibwerenso. Yachiwiriyo sakanalonjeza kuti itha Lachisanu lija lisanafike.

Apa m'pamene bambo a ana anga anatulutsa chiphaso chawo, n'kuchiika pakauntala ngati akuponya khadi lomaliza pa juga. Anati chavuta n'chiyani, chawo chilibe vuto, dzina ndi lomwelo lili pa fomu. Tingolemba iwo, tizipita, poti ndife banja limodzi. Ndinene zoona, sananene mwachiwembu. Amuna anga si munthu woipa. Kungoti kwa iwo chilichonse cha pakhomo chimakhala bwino chikakhala m'dzina lawo, ndipo ine ndinali nditatopa moti ndinatsala pang'ono kuvomera.

Kalaliki anayang'ana ine, osati iwo.

"N'zotheka, mayi. Koma mudziwe kuti tikalemba bambowa, mwini Msoko Wolimba ndi iwo. Osaina ku sukuluko ndi iwo. Akafuna kulitseka dzinali kapena kulipereka kwa wina, ife sitidzakufunsani inu."

Ndinakumbukira bambo anga. Zaka zonse zija pakhonde, anthu ankati akukasoketsa kwa mwini sitolo, ngati kuti mwini sitoloyo anagwirapo singano. Tsiku lomwe sitolo inagulitsidwa, anangouzidwa kuti achotse makina awo pofika madzulo. Ine ndi amene ndinawathandiza kunyamula, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo mutu wa makinawo unandisupula phewa.

Ndinapempha fomu ina.

Bambo a ana anga anandikokera pambali n'kunong'ona kuti anthu adzati chiyani akaona pakhoma dzina la kwathu, ngati kuti banja latha. Ndinawayankha motsitsa mawu kuti banja silinathe, ndipo madzulo akandipeza kunyumba monga mwa masiku onse, koma makinawo ndimapalasa ndine. Zinawapweteka, ndinaona. Inenso zinandipweteka, chifukwa dzina lawolo sindinalidepo. Anabweza chiphaso m'thumba, n'kukaima panja.

Kulemba dzina la bambo anga kunanditengera nthawi kuposa fomu yonse. Ndinachita kukopera pa chiphaso ngati mwana wa sukulu. Kalaliki anayendetsanso chala chake, ulendo uno mpaka pansi osaima. Anamata fotokope ya chiphaso, ndinakalipira pawindo lina, ndipo anandiuza tsiku lodzatenga satifiketi.

Masiku atatu amuna anga ankangoyankha zofunsidwa. Tsiku lachinayi anabwera ku shopu ndi felemu yagalasi, misomali iwiri ndi hamala, n'kufunsa kuti pepalalo likabwera lidzakhala khoma liti. Ndinawalozera pamwamba pa makina akuda aja.

Lachisanu ndinapita ku sukulu ndi satifiketi mu envulopu. Ndinaipereka kwa mlembi wa komiti, mnyamata amene sankandidziwa, n'kukhala pabenchi panja pa ofesi ya ahedi pamodzi ndi ena odzapereka mapepala awo. Patapita nthawi mlembiyo anatuluka, pepala kumanja, n'kuitana dzina. Palibe anadzuka. Ine ndinali ndikuchotsa kaulusi pa siketi yanga, mumtima ndikudandaula za anthu amene amachedwetsa anzawo pamzere.

Anaitananso, mokweza, n'kuwonjezera kuti mwini wa Msoko Wolimba.

Linali dzina la pa chiphaso changa. Chimwalirireni bambo anga ndinali ndisanamvepo munthu akutchula dzina limenelo mokweza, ndipo apa ankaitana ine. Ndinadzuka, n'kukonza siketi.

"Ndilipo," ndinatero.