Mzere Wachitatu

Anthu amati ntchito ya katekista ndi kulalikira. Amanama. Kulalikira aliyense amatha, ngakhale woledzera pa maliro. Chovuta ndi kutsegula mapemphero. Munthu wayenda ulendo wa maola awiri m'mame a mwezi wa Junyu, mapazi achita dzanzi, mutu uli ku nyemba zomwe wasiya padzuwa, ndiye iwe umutembenuze ndi mizere inayi yokha kuti akumbuke chimene wadzera.

Ine ndine Faustino. Pofika nthawi ya nkhaniyi ndinali nditasunga kapela yathu ya ku Kadzuwa zaka khumi ndi zinayi. Apadiri, ansembe athu a ku Lifidzi, ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri, njinga ikawalola. Masabata ena onse mapemphero ankakhala m'manja mwanga.

Chaka cha 1968, Chilatini chitayamba kuchepa m'matchalitchi, apadiri anandiuza kuti ndikonze mawu oitanira anthu m'Chinyanja. Ndinalemba tsamba lonse. Iwo anawerenga, nandibwezera akuseka.

"Faustino, uwu ndi ulaliki. Oitana salalikira. Mizere inayi basi: iwiri yanu, iwiri ya anthu. Mzere uliwonse uthe ndi mpweya umodzi. Anthu anu sawerenga, ndiye yawoyo ikhale yaifupi, yoti agogo aigwire tsiku limodzi. Woyamba unene amene akuitana, chifukwa si inu. Womaliza utifikitse pakhomo pa pemphero."

Zinandiwawa, koma ankanena zoona. Ndinadula, ndinadulanso, mpaka zinatsala izi:

Ine: Mwini tsikuli watsegula khomo, akuitana ana ake.
Anthu: Tamva kuitana, makasu tasiya.
Ine: A ku Kadzuwa, a ku Nsanjiko, a ku Chiphale, kodi mwafika?
Anthu: Tafika, Ambuye, tilandireni.

Mzere wachitatuwo unaswa lamulo la mpweya umodzi, ndipo ndinauswa dala. Chitsulo chikalira kachiwiri anthu ankalowa ndi kukhala pansi, amuna pa zipika kumanja, amayi pa mphasa kumanzere. Mizere iwiri yoyamba ankaimva ndi kuyankha ali chikhalire. Ndikatchula mudzi ndinkaima kaye, a mudziwo n'kuimirira. Kadzuwa, phuu! Nsanjiko, phuu! Chiphale ankakhala omaliza chifukwa ndiwo ankachokera kutali, kuseri kwa phiri, ndipo ankaimirira mwamatama ngati apambana mlandu. Mzere wachinayi sunkanenedwa mpaka midzi yonse itaima. Ukatha, tinkachita chizindikiro cha mtanda ndi kuyamba nyimbo. Lamulo limeneli ndinaika ndine, palibe anandikakamiza.

Nkhondo inatipeza mu 1972. Lachiwiri lina m'mawa tinaona utsi kuseri kwa phiri, utsi wakuda wosakhala wa lupsa. Asilikali anati a ku Chiphale ankapereka ufa kwa anyamata a m'tchire omenyana ndi boma. Nyumba ndi nkhokwe anatentha. Amuna amene anawapeza anawakweza pa kamiyawu, lole ya asilikali. Otsala anathawira ku Malawi, mbali ya Dedza, ena ndi mbuzi, ena ndi mwana kumsana basi.

Mmodzi yekha sanawoloke. Alzira, mkazi wa Inosenti. Mwamuna wake anali pa kamiyawu ija, ndipo iye anati akawoloka malire, Inosenti akadzabwera adzamufuna kuti? Anadzakhala kwa mkulu wake Rosália, kuno ku Kadzuwa, m'kanyumba kosungiramo mbatata.

Lamulungu lotsatira ndinafika pa mzere wachitatu. Ndinatchula Kadzuwa, anaima. Nsanjiko, anaima. Ndinati, "A ku Chiphale." Kumanzere, pafupi ndi khoma, Alzira anadzuka yekhayekha. Mkazi wamfupi, nsalu yake yopsa m'mphepete. Anthu anayankha mzere wachinayi akulira, ndipo ine ndinaiwala nyimbo yoyambira.

Zinayenda choncho miyezi isanu. Sabata iliyonse dzina, sabata iliyonse mkazi mmodzi.

Kenaka kumbuyo kwa kapela kunayamba kukhala mlendo wa nsapato zakuda. Sankaimirira pa mudzi uliwonse, sankaimba, ankangoyang'ana. Aliyense anadziwa kuti watumidwa ndi a ku positu, ofesi ya boma. Mapemphero atatha tsiku lina, a Filipe, mkulu wa mpingo wathu, anandikokera kuseri kwa kapela.

"Aphunzitsi, dzina lija lichoke."

"Dzina liti?"

"Musandipusitse, ndine wamkulu kwa inu. Mudzi umene boma lafafaniza, inu mukuuitana sabata ndi sabata pamaso pa munthu wawo. Mukufuna Kadzuwa afuke utsi nayenso? Ndili ndi ana asanu ndi awiri ine."

"Nanga mai aja?"

"Akudya ku Kadzuwa, akugona ku Kadzuwa. Aziimirira ndi a ku Kadzuwa. Chavuta n'chiyani?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakana. Ayi ndithu. Ndinachita mantha. Ndipo mantha ndi ochenjera, amabwera atavala nzeru. Ndinadziuza kuti mzere uja unali wautali kale, kuti apadiri anati mpweya umodzi, kuti oitana sayenera kuliza anthu asanayambe n'kupemphera komwe. Ndinakhala pa khonde ndi kaderno wanga, kabuku kolembamo, ndinakonza mzere watsopano wosalala bwino: "Inu a pafupi ndi inu a kutali, kodi mwafika?" Wopanda dzina, wopanda poima. Ndinaunena katatu, unatha ndi mpweya umodzi, ndipo ndinadzitama kuti ndine mmisiri.

Alzira sindinamuuze. Apa ndiye pamandisowetsa mtendere mpaka lero. Nyumba ya Rosália ndi yanga zatalikirana ngati apa ndi pa mtengo wa pichesi uwo, koma sindinapite.

Lamulungu ndinafotokoza mwachidule kuti mzere wasintha, onse aziimirira pamodzi. Ndinaitana, anayankha. Ndinanena mzere watsopano, kapela yonse inadzuka. Alzira anakhala chikhalire pa mphasa, manja pa maondo, akundiyang'ana. Sanali wokwiya. Ankadikira. Anthu anati, "Tafika, Ambuye," iye ali pansi. Tinaimba, tinawerenga, tinamaliza, iye osadzuka.

Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Amayi ena anayamba kunong'ona kuti wayamba mwano. Sabata yachitatu sanalowe n'komwe, anakhala panja pa mwala pafupi ndi chitsulo, mphepo ya ku phiri ikumuwomba.

Lolemba ndinapita. Ndinamupeza akusankha mbatata yobzala, yophukira uku, yowola uku.

"Mai a ku Chiphale, mwaswera bwanji?"

"Taswera, aphunzitsi. Kani dzinalo mukulikumbuka."

Ndinayamba kufotokoza za mlendo wa nsapato, za a Filipe, za mpweya umodzi. Ndinati mawu akuti a kutali akutanthauzanso iyeyo, Mulungu amadziwa kwawo kwa munthu aliyense.

"Mulungu amadziwa, inde," anatero osasiya mbatata. "Koma ine si wa kutali, ndimagona apa. Si wa pafupinso, kwathu ndi kuseri kwa phiri. Ndiimirire pati?"

"Ndi mawu chabe, mai."

"Munatiphunzitsa ndinu kuti munthu salowa kwa Mfumu asanaitanidwe. Mukati a ku Chiphale, ine ndinkadzuka ndi anthu makumi anayi kumsana. Apongozi anga, ana a mlamu wanga, bambo a kunyumba. Sabata yonse palibe amene amatchula mudzi uja, ngakhale achemwali anga amaopa. Ndinkaumva pakamwa panu pokha. Ndikaumva ndinkati ulipo, ndipo bambo aja ali ndi kobwerera."

Ine wa pakamwa ngati ine! Ndinangoti, "Zikazizira tidzabwezera. Pirirani pang'ono."

"Chabwino, aphunzitsi," anatero, nandipatsa mbatata zinayi za ana.

Sabata imeneyo sindinapeze mtendere. Ndikalima, mzere uja unkandibwerera. Ndikamadya, womwewo. Lachinayi ndinatsegula kaderno, ndinaona pamene ndinakhwatcha mayina atatu aja, ndipo ndinadzinyansa. Ndinati zivute zitani, Lamulungu ndibwezera. A Filipe sindinawauze, kuopa kuti angandibweze. Alzira sindinamuuzenso. Ndinkafuna adzamve yekha m'kapela, adzadzidzimuke ndi chimwemwe. Taonani uchitsiru wake: kachiwiri konse ndinasunga mawu m'thumba, munthu ali pafupi.

Lamulungu kunacha ndi nkhungu. Pa mwala panalibe munthu, ndipo ndinati bwino, walowa. Ndinaimba chitsulo kachiwiri, ndinalowa, ndinaima kutsogolo. Mlendo wa nsapato anali pa malo ake. Maso anga ndinawaika pa kaderno, chifukwa ndikanamuyang'ana mtima ukanandithawa.

"Mwini tsikuli watsegula khomo, akuitana ana ake."

"Tamva kuitana, makasu tasiya."

Ndinakoka mpweya. "A ku Kadzuwa."

Anthu anadabwa, kenaka zipika zinagwedezeka, anaima. "A ku Nsanjiko." Anaima. Ndinamva a Filipe akutsokomola mwaukali.

"A ku Chiphale."

Ndinadikira kumva mphasa ikulira kumanzere, pafupi ndi khoma. Zii. Ndinawerenga mumtima mpaka zisanu. Ndinabwerezanso mokweza, mwina sanamve.

"A ku Chiphale, kodi mwafika?"

Ndinakweza maso. Pa khoma panali mphasa yokha.

Amene analankhula ndi Rosália, ali chiimire pakati pa amayi a ku Kadzuwa, mawu ake ouma ngati chitsononkho.

"Anapita Lachisanu, aphunzitsi. Anatenga khasu ndi poto. Anati kuno kulibenso amene akuwaitana, akafune kumene kuli anzawo."

Palibe anakhala pansi, palibenso anayankha. Zaka zinayi ndinawaphunzitsa kuti mzere wachinayi sunenedwa mudzi wina usanaime, ndipo anaphunzira bwino. Anangoima, anthu pafupifupi zana, akuyang'ana mphasa. Mlendo uja anatuluka, ndipo palibe chimene anatichita, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Zimenezi zimandipweteka koposa.

Ndinayesa kunena ndekha kuti "Tafika," koma lilime linakana bodza. Ndinachita chizindikiro cha mtanda, tinayamba mapemphero ndi mizere itatu.

Nkhondo itatha ena a ku Chiphale anabwerera, mabanja asanu ndi limodzi. Ndinawafunsa mmodzimmodzi. Inosenti palibe anamuonanso. Alzira ku Dedza sanafikeko, ndipo palibe akudziwa kumene njira inamuthera. Dzina lija ndimalitchulabe, ndipo obwerera aja amaimirira. Koma ine ndimachedwa pamenepo kuposa kale, mpaka ana amayang'anana, kuganiza kuti nkhalamba yaiwala mawu.