Diresi la Lulu

Pa fomu ndinalemba dzina langa, Jessy, ndipo pamene panafunsa ngati ndinasokapo, ndinalemba kuti ayi. Linali bodza lamkunkhuniza. Sukulu ya Mayi Damaris Mbewe, kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa Chisokone ku Kitwe, imalandira okhawo amene sanagwirepo makina, ndipo womaliza miyezi isanu ndi umodzi mpingo umamupatsa makina akeake. Anga ndinali nditagulitsa. Ndinkagona pabalaza kwa akulu anga ku Chamboli, ine ndi mwana, ndipo alamu anali atayamba kutiyang'ana ndi diso lam'mbali. Malo amenewo sindikanatha kuwataya.

Tinalipo asanu ndi atatu, aliyense kuseri kwa makina ake opondera. Mayi Mbewe anatseka chitseko, phokoso la maminibasi nkuzima. Anali mayi wamfupi wa tepi m'khosi, ndipo sankaphethira kawirikawiri.

"Mwalandiridwa, ana anga," anatero. "Pano timayamba 08:00, osati 08:05. Makina awa ndi a mapazi, ndiye malaiti akapita musayembekezere holide. Sizasi iyi ndi ya nsalu chabe. Wodulira pepala adzandidziwa. Mapini si masiwiti, musaike mkamwa. Gudumu mumakokera kwa inu, likabwerera m'mbuyo ulusi umaduka. Singano ili ndi mbali yaphwatalala, pa makina awa iyang'ane kumanja. Mukaitembenuza, msoko uzidumphadumpha."

Zonsezo ndinkazidziwa, koma ndinkagwedeza mutu ngati ndikumva zachilendo.

"Lamulo lalikulu ndi ili. Ngati wina anasokerapo anthu, aimirire pano apite bwino. Dzanja lozolowera zolakwika silimva. Ndikakupezani pambuyo, mudzatuluka anthu akuona, ndipo ku mpingo ndidzanena chifukwa chake."

Palibe anaimirira. Ine ndinayang'ana lamba wa makina.

Kenako anatsegula kabati nkutulutsa pepala la pulasitiki. "Kalasi iliyonse ndimayamba ndi chovala chowonongeka, kuti muone kumene simuyenera kupita. Kale ndinkatola pa salaula, pogulitsira zovala zakale paja. Tsopano ndili ndi changachanga."

Anakutumula diresi la chitenge chobiriwira, cha mbalame zachikasu, nkuliyala patebulo. Ndinalidziwa mpaka kazipi kake.

Ku Ndola ndinali ndi khonde la sitolo kumene ndinkapinda mathalauza ndi kusintha mazipi. Anthu ankanditcha Bana Shaun, kutanthauza amake Shaun, mwana wanga uja. Ntchito ndinaiphunzira ndi maso, ndipo pa zigamba ndinalibe mnzanga. Tsiku lina kunabwera mtsikana wa muofesi ndi chitenge chodula, akufuna diresi la kitcheni pate yake, phwando la mkwatibwi ukwati usanachitike. Diresi ndinali ndisanadulepo. Ndikanangonena, koma njala ilibe manyazi, ndinavomera ndikumwetulira. Nditaona chimene ndapanga, ndinalisiya kwa mayi wogulitsa tomato pafupi, ndinathimitsa foni, nkukwera basi ya ku Kitwe.

"Bwerani pafupi," anatero Mayi Mbewe. Tinazungulira tebulo. "Chitenge umayamba wachapa kuti chifupikiretu, ndiye udule. Uyu sanachape. Onani kutsogolo, mbalame zikuuluka. Kumbuyo zazondoka, chifukwa anatembenuza nsalu podula." Mtsikana woyandikana nane, Chichi, anaseka. Mayi Mbewe sanaseke.

Analitembenuza kunsi. "Mukayeza chiuno, podula mumawonjezera nsalu ya msoko ndi yopumira. Uyu anadula pamzere wa choko penipeni. Likathina, ukulitsa ndi chiyani? Manja anasinthanitsa, lamanja kumanzere. Ndipo taonani pansi pa msoko, malupu okhaokha. Ulusi wapamwamba unali wolefuka, iye osayesa nkomwe pa kansanza."

Ndinamva manyazi, komanso ndinapsa mtima, poti zonse zinali zoona ndipo ankazinena mosafulumira, ngati akuwerenga Mawu.

"Mwini wake anali ndani, madamu?" anafunsa Chichi.

"Mwana wanga, Lulu."

Mayi Mbewe anasalaza nsaluyo ndi dzanja nkupitiriza.

"Ine ndinali m'chipatala, anandichita opaleshoni. Mwana anati asandivutitse. Chitenge ichi anamugulira ndi atate ake, mwezi umodzi asanatisiye. Tsiku la phwando, mwana wa telala anavala diresi lobwereka." Anapinda diresilo mosamala, manja pamodzi. "Wosokayo amati Bana Shaun. Nkhope yake sindiidziwa. Kulakwitsa nsalu ndimakhululuka, nanenso ndinalakwitsapo. Koma iye anathawa. Ndimamupempherera tsiku lililonse kuti Mulungu andikumanitse naye."

Sindikuganiza kuti linali pemphero lofunira munthu zabwino.

"Basi, kumalo kwanu. Lero kulibe ulusi, kulibe bobini. Muphunzitse mapazi."

Anatigawira mapepala a mizere: yowongoka, kenako bokosi la makona anayi. Ntchito inali kuboola mzere ndi singano yopanda ulusi. Dzanja lamanja liyambitse gudumu, mapazi alandire, limodzi patsogolo pang'ono. Manja asakoke pepala, mano a makina amayendetsa okha.

Chipinda chinadzaza ndi phokoso la osadziwa. Makina a Chichi ankapita, kuima, kubwerera m'mbuyo. Wina lamba anamuvukira. Ine ndinadziuza kuti, Jessy, lakwitsa. Ndinapondaponda mwadala ngati woledzera, mzere woyamba ndinaukhotetsa. Koma maso anga anali pa diresi lija, mutu uli ku Ndola, ndipo mapazi anabwerera ku chizolowezi chawo osandiuza. Nditadzidzimuka, makina anga okha ndiwo ankalira mosadukiza. Ndinali nditafika pakona ya bokosi, nkuimitsa singano ili pansi, kukweza kaphazi ka makina kopanira nsalu, kutembenuza pepala, kutsitsa kaphazi. Zimenezo anali asanatiphunzitse.

Fungo la choko ndi mafuta a makina linandiuza kuti aima kumbuyo kwanga. Anasolola pepalalo, nkupita nalo pawindo. Kuwala kunadutsa m'timabowo, tonse totalikirana mofanana.

"Ba Jessy."

"Madamu."

"Simunasokepo?"

Apa mpomwe munthu wolungama akanaimirira. Ndinaganiza za pabalaza pa alamu, ndi za mwana wanga akupinda mphasa anthu asanadzuke.

"Ayi, madamu. Ndinkangoonerera anthu ku maliketi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana manja anga, zikhadabo, mapazi. Kenako nkhope yawo inamasuka, anamwetulira koyamba m'mawa wonsewo, ndipo kumwetulirako kunandiopsa kuposa ukali wawo.

"Zaka twenty-two ndikuphunzitsa, mphatso yotere ndaiona kawiri kokha," anauza kalasi. "Uyu Mulungu wanditumizira. Kuyambira mawa muzikhala kutsogolo kuno, pafupi ndi ine. Ndikupangani telala weniweni, mwana wanga."

Anzanga anaomba m'manja. Chichi ananditsina pamkono nati, "Iwe, uli na mwayi."

Malo ndinali nditawapeza, abwino kuposa onse, ndipo ndinkafuna kulira. Mayi Mbewe anabweza diresi m'kabati nkukhoma.

"Mawa ndi ulusi ndi bobini," anatero. "Pa Friday tiphunzira kuyeza thupi, aliyense abwere ndi tepi ndi kabuku. Sitiyeza chidole, timayeza munthu wamoyo. Lulu wapempha tchuthi kuntchito, abwera kudzatiimirira. Ba Jessy, muyamba ndinu."