Kanambala 4 Kunsi kwa O

Bambo Laiton Mwale anaponya kope la Letty patebulo la m'nyumba yawo ku Lwendulu.

"Walemba chiyani apa? SO42-?"

"Ndi salifeti, bambo."

Sukulu ya mwana wawoyo inalibe mabuku a Kemisitiri, ndiye mphunzitsi ankajambula masamba ndi foni yake n'kuyendetsa m'kalasi kuti ana akopere. Pachithunzi chosaoneka bwinocho manambala onse ankaoneka ngati ali pamzere umodzi. Tsopano mphunzitsi yemweyo anali atachonga kuti yankho n'lolakwa.

Bambo Mwale, amene ankayeza madzi otuluka mumgodi wa malasha mulabotale, analanda cholembera.

"Kanambala 4 kamakhala pansi, kuwerenga maatomu a okosijeni. 2 ndi kamzere kochotsera zimakhala pamwamba, ndiyo chaji. Chonchi, SO₄²⁻. Iwe waika okosijeni makumi anayi ndi awiri. Chinthu chotero unachionapo kuti?"

"Ndinakopera mmene zinalili," anatero Letty. "Foni imakhala pabenchi pathu kanthawi kochepa, ena akuikoka."

"Ndipo mphunzitsiyo akukulakwitsa, buku lili m'kabati mwake! Mawa ndikamuonetsa."

"Buku si lake, bambo. Anakalijambula kusukulu ina, kalasi yonse ilibe."

Bambo Mwale anapuma mwamphamvu, mkwiyo utasowa pogwera. Anatsegula masamba akumbuyo. Paliponse Ca²⁺ anali Ca2, H₂O anali H20, teremu yathunthu.

Anakoka mpando n'kukhala.

"Bweretsa makope onse. Ndi a anzako omwe, tikonze zolakwikazi."