Kabedi ka Lubuto

Chitalu anamuona komaliza mwana wake ali moyo m'mawa wa Lachiwiri, kunyumba kwa amayi ake ku Kabwata. Lubuto, wa miyezi itatu, anali chigonere m'kabedi kake chagada, timanja tili m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi.

Kabediko anakagula atagulitsa laputopu, mwezi womwe anasiya koleji kuti azikanyamula makatoni kumafakitale a ku Heavy Industrial. Anakaika kwa amayiwo chifukwa ndiwo ankasunga mwana masana, mkazi wake Imelda akapita kukagwira ntchito m'nyumba ina ku Kabulonga. Mawu a nesi wa ku sikelo anawabwereza mpaka anthu kutopa naye: mwana azigona chagada, pamatiresi olimba, popanda pilo kapena bulangeti lolemera, ndipo pasofa ayi.

"Nanga akasanza, sazatsamwa?" amayi anafunsa tsiku loyamba.

"Ba nesi akuti chagada ndiye bwino, mami. Akagona chafufumimba ndiye ngozi."

"Chabwino, ba dokota. Tamva."

Masana a Lachiwirilo anamuimbira foni. Kuchipatala anangoti mwana wasiya kupuma ali m'tulo, zimachitika. Amayi anati anamupeza m'kabedi, mmene iye anamusiyira.

Madzulo anthu anayamba kutulutsa mipando kuti azimayi apeze pokhala pamaliro. Chitalu anakana kungokhala. Anagwira mbali ina ya sofa, ndipo khushoni itagwa, anaona kasokosi kachikasu ka Lubuto katapanikizika pakona. Nsalu ya pamenepo inali ndi madontho a mkaka, ena akale, ena atsopano, onse pamalo amodzi pomwe kamwa ya mwana ingafike atagona chafufumimba.

Anamupeza Imelda kuseri kwa nyumba, pampopi. Anamuonetsa kasokosiko.

"Unali kuziba?"

Imelda anayang'ana ndowa.

"Ba mayo anati kabedi kaja kazizila, mu Juni muno. Anati iwe unakula so, pa sofa, na bulangeti ya mink, ija yolema. Ukachoka chabe anali kumusamutsa."

"Kuyambila liti?"

"Week yoyamba. Anati nisakuuze, uzayamba ma lecture. Nikanakana, nindani akanatisungila mwana?"

Choncho m'mawa uliwonse, Chitalu akamamugoneka mwanayo bwinobwino m'kabedi ndi kukoka shiti kuti isachite makwinya, akazi awiriwo ankangodikira kuti geti itsekeke.

Analowa m'nyumba. Amayi ake anali pamphasa pakati pa azimayi a ku tchalitchi, maso atatupa. Ataona kasokosiko, anatambasula dzanja.

"Mwana wanga, nenzo funa chabe atenthedwe."

Iye ankadziwa kuti akunena zoona. Ankadziwanso kuti palibe dokotala amene angalumbire kuti sofayo ndiyo inapha mwana. Koma dzanjalo sanaligwire. Anapinda kabediko, nakanyamula pamutu kudutsa azibambo amene anakhala panja.

Chikwangwani cha pamanda anakana kuti wina amulembere. Anatenga penti yoyera, nalemba dzina, pansi pake tsiku.

18 Juni 2024.